Marandi otsala paulendo wa ku Joni: bwanji akukana makobili anga?

"Ndine mayi wogulitsa zovala ku Blantyre, ndipo mwezi wathawu ndinapita ku Joni koyamba kukaoda katundu. Ndabwerako ndi R1,370 yamapepala komanso kathumba ka makobili okwana R186. A R5 alipo 22, a R2 alipo 25, a R1 alipo 20, otsalawo ndi timasenti. Nditapita kosinthitsa ndalama, makobiliwo sanawayang'ane n'komwe. Anakananso R200 imodzi yomata ndi selotepi, ndi R100 ina imene ili ndi inki yofiira m'mphepete. Ndinapsa mtima n'kubwerera nazo zonse kunyumba. Kodi si ndalama zimenezi? Mwina ndidzapitanso ku Joni mu Disembala. Nditani nazo?"

Mayi, mtima pansi. Palibe amene wakuchitirani chipongwe, ndipo zambiri mwa ndalama zanuzo zikadali ndi mphamvu yake yonse. Ndagwira ntchito nthawi yaitali kuseri kwa galasi lija mumaperekerapo ndalama, ndipo kathumba konga kanuko ndakabweza kambirimbiri, nthawi zina mwini wake misozi ili m'maso. Chimene sitikhala ndi mpata wofotokoza pamzere pali anthu n'chakuti kukanako sikuchokera kwa mtsikana kapena mnyamata wa pakauntala. Kumachokera pa momwe malonda osintha ndalama amayendera.

Wosintha ndalama ndi wamalonda ngati inu nomwe. Inu simuoda diresi limene mukudziwa kuti kuno palibe adzaligule, ngakhale litakongola chotani. Nayenso akamalandira marandi anu ndiye kuti akuoda, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi ndigulitsa kwa ndani? Pepala la R200 lili ndi ogula ambiri. Mwalisiya m'mawa, pofika masana labwera kale m'manja mwa mayi wina amene akukwera basi ya ku Joni mawa. Akachuluka mapepalawo kuposa ofuna kugula, amawagulitsa ku banki, ndipo banki imatha kuwatumiza kwawo ku South Africa. Koma amene amabwera kudzagula marandi a ulendo safuna makobili. Mukampatsa R2,000 yake muli makobili odzaza dzanja, amawakankhira kwa inu n'kunena kuti mundipatse yamapepala. Choncho khobili likalowa m'kabati ya wosintha ndalama, limagona momwemo mpaka kalekale, ndipo makwacha amene analigulira amira.

Mwina munganene kuti si angowatumiza kwawo pamodzi ndi mapepala? Apa m'pamene sikelo imalowererapo. Pepala la ndalama limalemera pafupifupi galamu imodzi, kaya ndi la R10 kaya la R200. Khobili la R5 limalemera pafupifupi magalamu 9.5, la R2 pafupifupi magalamu 5.5, la R1 pafupifupi magalamu 4. Tiwerengere anuwo. A R5 okwana 22 akupitirira pang'ono magalamu 200, a R2 okwana 25 ali pafupi ndi magalamu 140, a R1 okwana 20 ndi magalamu 80. Mukaphatikiza timasenti tija, kathumba kanu kakuyandikira theka la kilogalamu, koma ndalama yake siikufika ngakhale pa pepala limodzi la R200 lolemera galamu imodzi. Ndalama sizitumizidwa pabasi ngati mabelo. Zimayenda pandege, ndi alonda, ndi inshulansi, ndipo zonsezo zimalipiridwa. Mtengo wonyamulira theka la kilogalamu la zitsulo, kuziwerenga, kuzisankha ndi kuzilongedza umadya phindu lonse n'kupitirira. N'chifukwa chake mabanki amene amagula ndalama zakunja kwa osintha ndalama amagula mapepala okha, ndipo wa pakauntala sangalandire chinthu chimene amene ali pamwamba pake sadzamulandira.

Palinso nkhani ya nthawi ndi maso. Mapepala timawaika pamakina, amawerengeka m'kanthawi kochepa, ndipo tili ndi nyale yoonera ngati ali enieni. Makobili akunja amafuna kuwawerenga pamanja limodzilimodzi, n'kumawatembenuza. M'kathumba kochokera ku Joni simulephera kupezeka mlendo: khobili la ku Lesotho, la ku Eswatini, la ku Namibia, mwinanso la ku Mozambique limene munalandira ngati chenji pa Tete. Ena amafanana kukula ndi mtundu moti wosazolowera sangasiyanitse. Tsanulani anuwo patebulo muwayang'ane bwino. Mayiko atatu oyamba aja amalandira randi kwawo, koma ndalama zawo sizigwira ntchito m'masitolo a ku South Africa, ndiye mukapeza khobili lotero liikeni padera.

Zimenezi si za ku Malawi kokha. Ku London, ku Dubai, ku Nairobi, ngakhale pabwalo la ndege la O.R. Tambo pomwepo, osintha ndalama pafupifupi onse amalandira mapepala basi. Kawirikawiri khobili mphamvu yake imathera pamalire a dziko limene linapangidwira.

Ndiye makobili anuwo muwatani? Poti mukuganiza zobwereranso mu Disembala, asungeni. Aikeni m'kabotolo kouma, osati m'kathumba ka pulasitiki kamene kamasunga chinyezi, ndipo muwaike pamodzi ndi pasipoti kuti musadzawaiwale tsiku lonyamuka. Ndanena za pasipoti dala, chifukwa makobili ambiri amafera m'madilowa a anthu amene anabwerera ku Joni kangapo konse koma kathumba n'kumakasiya kunyumba. Paulendo wa basi ndi pamene mudzaone ubwino wake. Mukadutsa Beitbridge usiku, mukufuna madzi akumwa, chimbudzi cholipira, kabanzi kapena tiyi, wogulitsa sasangalala kuona R200 pa chinthu cha R12. Mukatsika ku Park Station m'mamawa, wa tekisi amafuna ndalama yokwanira kale. Munthu amene ali ndi a R5 ndi a R2 m'thumba satulutsa chikwama chachikulu pagulu, ndipo inu mwaonako nokha kuti pamalo paja si pofunika kuonetsa pamene pali ndalama za katundu. Ngakhale m'njira ya ku Zimbabwe, ogulitsa ambiri m'mbali mwa msewu amalandira marandi.

Koma musadzawakhuthulire onse pakauntala imodzi. Lamulo la ku South Africa lomwelo limaika malire: wa sitolo sakakamizidwa kulandira makobili a R1 kupita m'mwamba opitirira R50 pa kugula kumodzi, ndipo pa timasenti ta 10 mpaka 50 malire ake ndi R5. Ambiri amalandirabe akakhala kuti akusowa chenji, koma akakana ali ndi ufulu. Muziwagwiritsa ntchito pang'onopang'ono, R20 apa, R30 apo, ndipo pofika tsiku lachiwiri adzakhala atatha. Mukapezamo timakobili tofiirira ta 5 senti, musavutike nato. Anasiya kutipanga mu 2012, ndipo masitolo ambiri satifunanso, monga momwe kuno K1 ndi K5 yachitsulo zilili.

Ulendo wa Disembalawo ukalephereka, njira yabwino ndi kupatsa munthu amene akupita. Mu Blantyre simungasowe mnzanu wa bizinesi, m'bale amene akubwerera kuntchito, kapena mwana wa kumpingo amene akupita kusukulu. Mungampatse ngati kamba wa panjira, kapena kumutuma kuti akakugulireni kanthu kakang'ono, mafuta odzola kaya sopo, ka mtengo wofanana ndi makobiliwo. Mukatero mwapeza R186 yanu yonse popanda wodulapo. Anyamata oima pamalire a Mwanza kapena Dedza ndi mipukutu ya ndalama m'manja nthawi zina amalandira makobili, koma amagula pamtengo wogwetsa kwambiri, ndipo malonda awowo ndi osaloledwa ndi lamulo. Sindikukulangizani kupita kumeneko, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza tikafika pa mapepala. Kwa oyenda pandege, m'mabwalo ambiri a ndege muli mabokosi oponyamo makobili othandizira ovutika, ndipo makampani ena a ndege amatolera m'ndege momwemo. Iwo zimawayendera chifukwa amasonkhanitsa makobili a anthu zikwizikwi n'kuwatumiza pamodzi, zimene munthu mmodzi sangathe.

Tsopano mapepala, pamene pali ndalama zenizeni. Tikachotsa awiri anakanidwa aja, mwatsala ndi R1,070 yabwinobwino. Funso ndi lakuti musinthe lero kapena musunge, ndipo yankho lili pa bolodi lija limakhala pakhoma kosinthira ndalama. Pamakhala mitengo iwiri pa ndalama iliyonse: umene iwo amagulira kwa inu, ndi umene amakugulitsirani. Woyambawo umakhala wotsika nthawi zonse, ndipo mpata wa pakati pake ndiwo phindu lawo. Tingoyerekeza, poti mitengo imasintha tsiku ndi tsiku, kuti akugula randi pa K100 n'kumagulitsa pa K110. Mukasintha R1,070 lero mulandira K107,000. Mu Disembala, kuti mugulenso R1,070 yomweyo, mudzatulutsa K117,700. Mwataya K10,700 osagula kalikonse, kungolowa ndi kutuluka pakhomo limodzi. Izi zili choncho ngati kwacha yaima malo amodzi. Tonse tikukumbuka Novembala wa 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasintha marandi awo sabata imeneyo isanafike n'kufuna kuwagulanso pambuyo pake analira. Onjezanipo vuto limene mukulidziwa kale, lopita ku banki ndi pasipoti ndi tikiti n'kuuzidwa kuti ndalama zakunja palibe.

Ndiye kwa inu amene mukubwerera pakangopita miyezi yochepa, maganizo anga ndi akuti R1,070 imeneyi musaisinthe, pokhapokha ngati pakhomo pali vuto lofuna makwacha lero, monga fizi kapena lendi. Ngati vutolo lilipo, sinthani mapepala akuluakulu, a R200 ndi a R100, n'kusunga a R10, R20 ndi R50. Ang'onoang'onowa ena osintha ndalama amawalandira monyinyirika kapena pamtengo wotsikirapo, pamene paulendo ndi amene amathandiza kwambiri. Munthu amene sakuona zobwereranso chaka chino kapena chamawa, yekhayo ndi amene ndimamuuza kuti sinthani zonse msanga.

Ndimatero chifukwa pepala losungidwa nthawi yaitali lili ndi adani ake. Chinyezi, chiswe ndi mbewa ndi ena, koma mdani wamkulu ndi kusintha kwa ndalama kwawoko inu muli kuno osamva. Anthu a ku Mangalande anasiya kugwiritsa ntchito mapepala akale a £20 ndi £50 pa 30 Seputembala 2022, atabweretsa apulasitiki, ndipo khobili lakale lozungulira la £1 linatha ntchito mu Okutobala 2017. Mpaka lero kumabwera anthu ndi maenvulopu a mapaundi amene mwana anawasiyira zaka zapitazo, ndipo kuno palibe angawalandire, ngakhale kuti Bank of England imasinthabe amapepalawo munthu akawafikitsa kumeneko. Ku Kenya, mu 2019, pepala lakale la 1,000 shilingi analipatsa miyezi inayi yokha, itatha linasanduka pepala wamba. Ku Zambia anachotsa maziro atatu mu 2013. Randi pa nkhani imeneyi ndi yofatsa. Mapepala a nkhope ya Mandela amene anayamba mu 2012 akugwirabe ntchito limodzi ndi atsopano a 2023, ndiye anuwo sakuthawa. Komabe osintha ndalama kuno amayamba kukana mtundu wakale msanga kuposa eni ake, chifukwa amaopa kutsala nawo m'manja. Mukasunga, muzifunsa kwa obwera kumene ngati ndalama zasintha.

Powasunga, musawapinde kanayi n'kuwamanga pansonga ya chitenje, ndipo musawamange ndi labala wothina amene amadula m'mphepete. Aikeni chowongoka mu envulopu, pamalo ouma. Dziwaninso kuti malamulo athu a ndalama zakunja amaika malire pa kuchuluka kwa ndalama zimene munthu angasunge m'nyumba, ndipo Reserve Bank of Malawi imawasintha nthawi ndi nthawi. Ndalama yonga yanuyi ndi yochepa, koma tsiku limene mudzabwere ndi zotsala zambiri, funsani ku banki yanu musanazisunge. Risiti imene munapatsidwa pogula marandiwo musataye, ndiyo umboni wanu wakuti munawapeza m'njira yoyenera akakufunsani pamalire. Mbali ya ku South Africa nayo, pali malire pa kuchuluka kwa marandi amapepala amene munthu angatuluke kapena kulowa nawo.

Ndinalonjeza kunenapo za osintha a m'misewu. Mtengo wawo umakopa, sindikana, ndipo ndikudziwa chimene chimakankhira anthu a bizinesi kumeneko. Koma ndaona zimene anthu amabwera nazo pambuyo pake. Wina amawerengerani ndalama pamaso panu, n'kunamizira kuti kukubwera apolisi, n'kukubwezerani mpukutu wanu mwachangu, mukafika kunyumba mukupeza pakati pali mapepala odula. Wina amakupatsani makwacha osakaniza ndi achinyengo. Zikatero mulibe risiti, ndipo simungakadandaule kupolisi chifukwa inunso munali pamalonda oletsedwa. Pa R1,000, kusiyana kwa mtengoko sikungalipire ngozi yotere. Pitani pamalo amene ali ndi chiphaso cha Reserve Bank chopachikidwa poonekera, tengani chitupa chanu, funsani mtengo musanatulutse ndalama, werengani makwacha anu musanachoke pagalasi, ndipo tengani risiti. Kuyenda malo awiri kapena atatu kufananitsa mitengo si kutaya nthawi.

R200 yomata ndi selotepi ija siinafe. Kuno aikana chifukwa wogula aliyense adzaikananso, ndipo banki siilandira mapepala akunja ong'ambika, olembedwalembedwa kapena ofumbwa. Kwawo ndi nkhani ina. Ngati zidutswa zonse zilipo ndipo manambala ake akuwerengeka, masitolo ambiri a ku Joni amailandira, ndipo akaikana, mabanki a kumeneko ali ndi dongosolo losinthira ndalama zowonongeka, kutengera kukula kwa gawo limene latsala. Musawonjezerepo selotepi ina, musaichape, musaisite. Itengeni momwe ililimo, ndipo idzakhale yoyamba kuigwiritsa ntchito m'sitolo yaikulu.

R100 ya inki ndiyo ndikufuna muisamale kwambiri. Iyang'aneni poyera. Ngati ndi kadontho ka cholembera kapena nambala imene wina analemba powerengera, ndi yauve chabe ndipo idzayenda ngati inzake yong'ambikayo. Koma ngati utotowo walowerera m'mphepete ngati pepalalo linaviikidwa, mbali imodzi kapena kuzungulira, ndi nkhani ina. Ku South Africa makina otulutsa ndalama ndi mabokosi onyamulira ndalama amaikidwa utoto umene umathira mapepala akuba akaphwanya. Banki yaikulu ya kumeneko imachenjeza anthu kuti asalandire mapepala otere, imawatenga ngati ndalama zakuba ndipo alibe mtengo. Amene anakupatsani ngati chenji mwina anaona kuti ndinu mlendo. Ikakhala yotero, musayese kuigulira zinthu kapena kumupatsira mnzanu, chifukwa amene wapezeka nayo ndiye amafunsidwa mafunso. Ipatuleni pa zinzake, ndipo mukadzapita mukaionetse ku banki n'kufotokoza kumene munailandira. Konzekerani mumtima kuti R100 imeneyo mwina yapita.

Pa ulendo wa Disembalawo, nkhondo ya makobili mudzaimenye muli komweko, masiku awiri omaliza. Chimene chimachulukitsa makobili n'chakuti mlendo sawadziwa bwino, ndiye pogula chilichonse amatulutsa pepala n'kulandira chenji, mawa pepala lina, chenji china. Inu muzichita mosiyana. Chinthu cha R37, perekani R20 ndi R10 yamapepala, R7 yotsalayo muwerenge makobili. M'masitolo akuluakulu mungathe kupereka makobili onse amene muli nawo n'kumalizitsa ndalama yotsala ndi pepala kapena khadi. Madzulo a tsiku lomaliza, funsani mwini malo ogona kapena wa kasitolo kapafupi ngati akufuna chenji. Ambiri amakondwa kukupatsani pepala la R50 posinthana ndi makobili, chifukwa iwo ku banki chenji amachita kulipira. Zotsala mugulire madzi ndi zakudya za panjira, ndipo malo omaliza otsimikizika ndi Musina, basi isanawoloke Limpopo. Siyani dala a R5 okwana asanu kapena khumi a zimbudzi ndi tiyi m'njira.

Zimenezi muzichitanso ndi ndalama za mayiko odutsamo. Chenji cha ma metikashi chimene mwalandira pa Tete chithereni pa Zobue musanadinditse pasipoti, chifukwa mukangofika pa Mwanza makobili ake alibe wowalandira, ndipo mapepala ake si malo onse osinthira ndalama mu Blantyre amene amawagula.